Ntchito Isapite Nanu ku Tchuthi

Lamulo la ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha milungu yosachepera 8 akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lamulo lomweli limapatsa wantchito aliyense tchuthi cha pachaka: masiku 15 kwa amene amagwira ntchito masiku asanu pa mlungu, ndi masiku 18 kwa amene amagwira masiku asanu ndi limodzi. Litakonzedwanso mu 2021, abambo nawo anapatsidwa milungu iwiri mwana akabadwa. Izi zili m'mabuku, ndipo bwana sangazikane.

Koma palibe ndime ya lamulo imene ingaletse foni kulira. Mayi ali m'chikuta, mwana ali kubere, foni ili ngriii: "Pepanitu kukusokonezani, fayilo ija ya simenti munaiika pati?" Amene akuimbayo si munthu wankhanza ayi, wangosowa mtengo wogwira. Kuti foni yotereyi isalire pamafunika zolemba ziwiri. Choyamba ndi kalata yosiyirana ntchito, imene m'maofesi amangoti handova. Chachiwiri ndi uthenga umene imelo imayankha yokha mwini wake akachoka. Anthu ambiri amayamba ndi uthengawo chifukwa ndi waufupi, handova n'kudzailemba mothamanga tsiku lomaliza cha m'ma 4 koloko, chikwama chili kale paphewa. Zimayenera kuyenda mosiyana. Uthenga uja ntchito yake ndi kuloza anthu kwa munthu wina, ndiye ngati munthuyo sanapatsidwe chilichonse m'manja, mwangowalozera kopanda thandizo.

Tiyerekeze mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, kampani ya antchito pafupifupi 30. Wagwirizana ndi abwana ake kuti ayamba tchuthi Lolemba pa 2 Juni. Milungu 8 ikutha pa 27 Julayi, ndipo wapempha kuwonjezerapo masiku ake 15 a pachaka, omwe ndi milungu ina itatu. Adzabwerera Lolemba pa 18 Ogasiti. Ntchito yake aigwirizira mnyamata amene amamuthandiza pa zolembalemba. Mnyamatayu ndi wochangamuka ndithu, koma sanakonzepo malipiro a mwezi payekha.

Kalendala ndiye poyambira

Asanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, mayiyu atenge kalendala, azungulize masiku onse a pakati pa 2 Juni ndi 18 Ogasiti amene chinthu china chiyenera kukhala chitachitika, iye alipo kaya palibe. Pa ntchito ya ndalama masiku ambiri otere amaika ndi boma. Msonkho wa PAYE, umene umadulidwa pa malipiro a antchito, umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pa tchuthi chakechi tsikuli lifika katatu: 14 Juni, 14 Julayi ndi 14 Ogasiti. Lipoti la VAT limafunika pofika pa 25, ndiye kuti 25 Juni ndi 25 Julayi. La pa 25 Ogasiti lidzamupeza atangokhala mlungu umodzi pa ntchito, choncho mapepala ake ayenera kukhala akusonkhanitsidwa iye asanabwere. Palinso ndalama za penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, zimene zimapita ku kampani ya penshoni mwezi ndi mwezi. Ndipo pali malipiro a kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Julayi, omwe akachedwa ndi tsiku limodzi lokha ofesi yonse imachita mdima.

Kungolemba masikuwa sikokwanira, chifukwa tsiku la boma ndi lomalizira, si loyambira. M'chitsanzo chathuchi 14 Juni ikugwa Loweruka. Handova yabwino inena kuti: "PAYE ya Meyi ilipiridwe pofika Lachinayi pa 12 Juni. Mawerengero ndasiya okonzakonza m'fayilo ya malipiro a Meyi. Abwana amafuna tsiku lathunthu kuti avomereze kubanki, ndiye muwapatse Lachitatu m'mawa." Apa mnyamata uja wadziwa tsiku lenileni loyambira, komwe kuli manambala, ndi munthu amene angamuchedwetse.

Ntchito za mwezi ndi mwezi siziiwalika kawirikawiri, pakuti wothandizira amaziona zikuchitika. Zoopsa ndi zija zimabwera kamodzi pa chaka. Inshuwalansi ya lole ya kampani ikutha pa 31 Julayi. Palibe amene akuikumbukira kupatula mayiyu, amene chaka chilichonse amalandira chikumbutso pa imelo yake. Chaka chino chikumbutsocho chidzagwera mu imelo yosawerengedwa, ndipo nkhaniyi idzadziwika lole itaimitsidwa ndi apolisi a pamsewu itasenza simenti ya kasitomala. Njira yozipezera zinthu zotere ndi yapafupi: kutsegula sitetimenti ya kubanki ya Juni, Julayi ndi Ogasiti chaka chatha, n'kuona ndalama zonse zimene zinatuluka. Chilichonse chimene chinalipiridwa nthawi imeneyo chaka chatha chili ndi mwayi waukulu wobweranso.

Zimene zili pakati pa njira

Handova zambiri zimatha mphamvu chifukwa wolemba amangokopera mndandanda wa ntchito zake monga unalembedwera tsiku limene analembedwa ntchito: kusunga mabuku, kulipira ogulitsa katundu, kutolera ngongole. Zimenezo mnyamata uja akuzidziwa kale. Kusiyira munthu ntchito kuli ngati kumusiyira mphika uli pamoto. Simumuphunzitsa kaphikidwe ka nyemba, mumamuuza kuti mchere mwathira kale, tomato ayi, ndipo nkhuni zatsala ziwiri.

Taonani nkhani imodzi. Kampani inaoda matumba 400 a simenti, invoisi inabwera ya matumba 400, koma lole inatsitsa 380. Mayiyu analankhula pafoni ndi wogulitsa wa kumeneko, n'kugwirizana kuti alipira 380 okha mpaka 20 otsalawo atabwera. Mu handova yolembedwa mothamanga nkhaniyi imaoneka chonchi: "Simenti, mutsatire." Mnyamata akawerenga mawu awiriwa adziwa kuti pali nkhani, koma sadziwa kuti ndi yotani. Wogulitsa uja akaimba kuti, "Paja muli ndi ngongole yathu ya matumba 20," mnyamatayo aona invoisi ya 400, aona kuti analipira 380, n'kulipira zotsalazo ndi mtima woyera, poganiza kuti akuthandiza.

Nkhani yomweyi italembedwa bwino ikhala motere:

"Simenti ya pa 12 Meyi. Invoisi ndi ya matumba 400, tinalandira 380. Umboni ndi pepala lolandirira katundu limene anasainira a kusitolo, lili m'fayilo yabuluu, kabati yachiwiri. Talipira 380. Otsala 20 musalipire kufikira a kusitolo atatsimikiza kuti afika, kapena ogulitsawo atatumiza kalata yochotsa matumbawo pa invoisi. Tinagwirizana pafoni pa 15 Meyi ndi amene amayang'anira akaunti yathu kumeneko, ndipo ndawalembera imelo yotsimikiza zimenezi, inunso ndakutumizirani kope. Akakana, nkhaniyi ipite kwa abwana, musakangane nawo nokha."

Muli zinthu zingapo mmenemu zimene nkhani iliyonse yosatha imafuna: pamene yafika, chimene chatsala, amene akudikiridwa, komwe kuli pepala, ndi chimene wogwirizirayo sayenera kuchita. Chomalizachi ndicho ambiri amasiya, chonsecho ndicho chimapulumutsa ndalama. Onaninso kuti mgwirizano wa pafoni wausandutsa imelo asanachoke. Zimene anthu awiri anagwirizana pakamwa zimachoka limodzi ndi amene wapita ku tchuthi, ndipo wotsalayo amazikumbukira m'njira yomukomera.

Nkhani zoterezi sizikhala zochuluka kwambiri, mwina khumi kapena khumi ndi zisanu. Zisanjidwe moyamba ndi zimene zingapweteke kampani msanga, osati motsata mmene zabwerera m'mutu.

Pali gulu lina la zinthu lovuta kulilemba chifukwa mwini wake saliona ngati chidziwitso. Anazolowera. Mayi wathuyu amadziwa kuti kontilakitala wina amalipira kudzera pa akaunti ya akazi ake, moti pa sitetimenti pamaoneka dzina losiyana ndi la pa invoisi. Mnyamata sakudziwa, ndiye adzalembera kontilakitalayo kalata yomukumbutsa ngongole imene analipira kalekale, munthu wamkulu n'kukwiya. Amadziwanso kuti dalaivala wina amadulidwa K40,000 pamwezi kubweza ngongole ya kampani, ndipo kudula komaliza ndi kwa Juni. Ngati mnyamata angokopera malipiro a Juni pokonza a Julayi, monga amachitira aliyense wophunzira, dalaivalayo adzadulidwa ndalama imene alibe nayo ngongole. Zinthu ngati izi sizibwera m'mutu munthu atakhala pansi kuti azikumbukire. Zimatulukira pogwira ntchito. N'chifukwa chake handova iyenera kuyambika mwezi wathunthu tchuthi chisanafike, pepala lili pambali pa kompyuta, ndipo nthawi iliyonse imene mayiyu wachita chinthu popanda kuyang'ana paliponse adzifunse kuti, "Kodi mnyamata uja akanadziwa?" Ngati yankho ndi ayi, alembe pomwepo.

Kwa mayi woyembekezera pali chifukwa chinanso chofulumirira. Tsiku limene anauzidwa kusikelo ndi longoyerekeza, mwana sawerenga kalendala ya kuofesi. Matenda akhoza kuyamba milungu iwiri tsikulo lisanakwane, kapena adokotala akhoza kulamula kuti apume msanga chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Handova ikhale yoti ikhoza kugwira ntchito ngakhale mawa, ndipo isungidwe pamalo pamene abwana ndi wogwirizira angaipeze, osati pa kompyuta yokhoma ya mwini wake.

Makiyi, banki ndi mphamvu zolamula

Munthu akhoza kudziwa zonse zoyenera kuchita koma n'kulephera kuzichita chifukwa khomo ndi lotseka. M'makampani ambiri, polipira kudzera pa intaneti, wina amalowetsa malipirowo, wina n'kuvomereza. Polowa, banki imatumiza nambala yachinsinsi ya kanthawi kochepa ku foni ya munthu amene analembetsedwa. Ngati foniyo ndi ya mayi wathu, ndiye kuti pa 12 Juni, mwina ali m'chipatala, mnyamata adzaimba kupempha kuti amuwerengere nambalayo msanga isanathe mphamvu.

Njira yachidule imene ambiri amatsata ndi kulemba pasiwedi pa kapepala n'kumupatsa mnzawo. Ndi njira yoipa, ndipo amene imamuipira kwambiri ndi wopita ku tchuthiyo. Chilichonse chochitika ndi pasiwedi yanu chimalembedwa m'dzina lanu. Ndalama ikasowa mu Julayi, owerengera mabuku akadzabwera adzapeza kuti amene anailowetsa ndinu, ndipo mawu akuti "ndinali kunyumba ndi mwana" adzangobala funso lina: nanga munaperekeranji pasiwedi? Choyenera ndi kupempha banki kuti itsegulire wogwirizirayo khomo lakelake, pa dzina lake ndi foni yake. Banki imafuna fomu, kalata yosainidwa ndi eni akaunti ndi chiphaso cha munthuyo, ndipo si zinthu zotheka tsiku limodzi. Apa ndi pofunika kuyamba mwezi usanathe. Chimodzimodzinso ndi Msonkho Online ya MRA ndi pulogalamu ya malipiro: muonetsetse kuti mnyamatayo walowa yekha, pa kompyuta yake, inu mukuonerera. Imelo nayo ili ndi njira yololera mnzanu kuiwerenga popanda kumupatsa pasiwedi. Mu Outlook njirayi ili pa Delegate Access, ndipo mu Gmail ili pa Grant access to your account.

Ndalama za m'kabokosi, zogulira tinthu ting'onoting'ono, ziwerengedwe anthu awiri ali pomwepo, makamaka pamaso pa wachitatu. Ngati bokosilo limayenera kukhala ndi K300,000, pepala linene kuti ndalama zenizeni zapezeka K182,500, mavocha okhala ndi malisiti ndi a K97,500, ndipo K20,000 ili ndi dalaivala amene sanabweretse lisiti. Zonse pamodzi K300,000. Onse awiri asainire ndi kulemba tsiku. Ena amaona ngati kuchita zimenezi ndi kukayikirana. Kunena zoona, kukayikirana kumabwera pamene sanawerenge, bokosi likadzaperewera pakati pa Julayi aliyense n'kumati mwina linali loperewera kale. Makiyi a kabati, mabuku a macheke ndi chidindo cha kampani zilembedwe pa pepala lomwelo, pamodzi ndi nambala ya cheke chomaliza kulembedwa.

Kenaka pali funso limene wopita ku tchuthi sangaliyankhe yekha: wogwirizirayo ali ndi mphamvu zofika pati? Mayiyu amatha kulola kasitomala wodalirika kutenga katundu pa ngongole popanda kufunsa aliyense, chifukwa wakhala pa kampaniyi zaka zambiri. Mnyamata alibe mphamvu zimenezo pokhapokha abwana atanena. Ngati sizinanenedwe, pachitika chimodzi mwa ziwiri: mwina aziopa n'kumaimitsa chilichonse kudikira abwana, kapena azingolola zonse poopa kuoneka wosadziwa ntchito, makasitomala ochenjera n'kumudyera masuku pamutu. Handova inene momveka kuti zolipira za masiku onse akonza yekha, ngongole yatsopano ya kasitomala ndi ya abwana, ndipo kusintha nambala ya akaunti ya wogulitsa katundu sikuchitika mpaka abwana ataimbira okha wogulitsayo pa nambala yakale yodziwika. Gawo limeneli abwana aliwerenge ndi kulisainira. Kupanda apo mnyamata adzati, "Anandiuza ndi amayi aja," abwana n'kuyankha kuti, "Ine sindikudziwa."

Handova ikalembedwa iyesedwe. Pa mlungu womaliza, kapena bwino koposa pa malipiro a Meyi, awiriwa asinthane mipando. Mnyamata agwire ntchito ndi pepala lokha, mayiyu akhale pambali osatsegula pakamwa. Paliponse pamene mnyamata watembenuka n'kunena kuti, "Amayi, apa ndiye nditani?" pamenepo ndi pamene pepala lili ndi dzenje. Yankho lisaperekedwe pakamwa pokha, lilembedwe. Izi zimatopetsa, ndipo munthu wozolowera ntchito yake manja amamuyabwa kuti angolanda kiyibodi amalize yekha. Adzigwire.

Uthenga woyankha wokha

Zonsezi zikatha, uthenga wa pa imelo umalembeka m'mphindi zochepa. M'maofesi ambiri udzalembedwa m'Chingerezi, koma zofunika kukhalamo ndi zomwezi:

"Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Sindili pa ntchito kuyambira pa 2 Juni, ndipo ndidzabwerera Lolemba pa 18 Ogasiti. Pa nthawi imeneyi sindikuwerenga imelo, ndipo uthenga wanu sunatumizidwe kwa wina aliyense. Ngati nkhani yanu ndi ya invoisi kapena malipiro, chonde itumizeninso ku imelo ya ofesi ya zandalama, kapena imbani nambala ya ofesi mufunse a Uje. Nkhani zina zonse ofesi ya abwana idzakuthandizani."

Pansi pake palembedwe imelo ndi nambala zimene zatchulidwazo. Mawu aliwonse mu uthengawu ali ndi ntchito yake. Tsiku lobwerera lalembedwa ndi mwezi m'mawu, osati 18/8 kapena "pakatha miyezi iwiri", chifukwa wowerenga sadziwa kuti miyeziyo munayamba kuiwerenga liti. Ndipo lalembedwa tsiku limene mudzakhale pampando, osati tsiku lomaliza la tchuthi. Mawu akuti "mpaka pa 15 Ogasiti" amasiya munthu akudzifunsa ngati pa 15 mulipo kapena ayi.

Chiganizo chakuti uthenga sunatumizidwe kwa wina ndicho chofunika kuposa zonse, ndipo ndicho chimasowa kawirikawiri. Anthu ambiri amaganiza kuti imelo ikayankha yokha ndiye kuti kalata yawo yapita kwa wogwirizira. Sizili choncho. Kuyankha ndi kutumiza kwa wina ndi zinthu ziwiri zosiyana, chilichonse chimatcheredwa pachokha. Wogulitsa akatumiza invoisi, n'kulandira yankho losanena chilichonse pa zimenezi, amakhala phee kudikira ndalama, invoisi ili chigonere mu imelo ya munthu amene ali m'chikuta. Muuzeni zoona: atumizenso, kapena asadandaule chifukwa wina akuwerenga.

Pali mawu ena amene anthu amawakonda chifukwa amamveka aulemu: "Ndiziyang'ana imelo mwa apo ndi apo." Pa tchuthi cha masiku atatu mwina alibe vuto. Pa tchuthi cha milungu 11 ndi msampha wodzitchera wekha. Wowerenga amamva kuti akadikira pang'ono mudzamuyankha, ndiye sapita kwa mnyamata uja. Mnyamatayo saidziwa nkhaniyo, inunso simuiona, ndipo imaola. Chimodzimodzi ndi mawu akuti "ngati ndi zachangu imbani foni yanga". Kwa wolemba, nkhani yake nthawi zonse ndi yachangu.

Chifukwa chochokera sichiyenera kulembedwa. Anzanu a mu ofesi akudziwa kale, ndipo kwathu kuno nkhani ya pakati si yolengeza kwa aliyense wodutsa. Palinso chifukwa cha chitetezo. Uthengawu umapita kwa aliyense amene wakulemberani, kuphatikizapo akuba a pa intaneti. Kwa iwo, kudziwa kuti wosunga ndalama wachoka kwa milungu 11 ndipo pampando pali wachilendo ndi nkhani yokoma. Chinyengo chodziwika bwino ndi kulemba imelo yooneka ngati yachokera kwa wogulitsa katundu, yonena kuti "tasintha banki, lipirani ku akaunti iyi", kapena yonamizira kuti "amayi aja anavomera kale asanachoke". N'chifukwa chake lamulo lija la kusintha akaunti linalembedwa mu handova, ndipo n'chifukwa chake uthenga wa anthu akunja uyenera kukhala wouma: masiku, kolowera, basi. Osatchula kuti abwana nawo ali kunja kwa dziko, osatchula amene amasainira macheke.

Outlook ya kuofesi imalola kulemba mauthenga awiri. Mukalowa pa File, kenaka Automatic Replies, mupeza mbali ya Inside My Organization ya anzanu a pa kampani, ndi ya Outside My Organization ya akunja. Wa m'kati ukhoza kunena zambiri, monga komwe handova yasungidwa ndi amene akuvomereza chiyani. Chongani Only send during this time range n'kuika masiku, kuti uthengawo udzayambe ndi kusiya wokha. Ngati batani la Automatic Replies silikuoneka, kawirikawiri ndiye kuti imelo ya kampani yanu ndi ya mtundu wa POP kapena IMAP, ndipo uthengawo uyenera kutcheredwa kumene imeloyo imasungidwa. Apa funsani amene amakukonzerani makompyuta, chifukwa mukautchera pa kompyuta yanu yokha udzagwira ntchito pokhapokha kompyutayo ili yoyaka ndipo Outlook ili yotsegula. Mu Gmail mulowe pa Settings, See all settings, General, mutsike mpaka pa Vacation responder. Pamenepo pali kabokosi kakuti Only send a response to people in my Contacts, komwe kamachepetsa anthu osawadziwa olandira uthengawo, koma kamatsekeranso kunja kasitomala watsopano amene sali pa mndandanda wanu. Pa ofesi imene imalandira makalata a anthu achilendo tsiku ndi tsiku, ndi bwino kukasiya kosachonga, uthengawo n'kuuchepetsa mawu.

Dziwaninso kuti makinawa sayankha kalata iliyonse. Outlook imayankha munthu mmodzi kamodzi kokha pa nthawi yonse imene uthengawo uli woyatsa. Gmail imamuyankhanso ngati walembanso patatha masiku anayi. Ndiye kasitomala amene analandira yankho la Outlook pa 3 Juni, akadzalembanso kumapeto kwa Julayi ataiwala, sadzalandira kanthu, ndipo adzaganiza kuti mwabwerera koma mukumunyalanyaza. Pa chifukwa chimenechi, anthu khumi kapena makumi awiri amene mumachita nawo ntchito kwambiri musawasiyire makina. Alembereni nokha mlungu umodzi musanachoke, mnyamata uja mutamuika pa kope, kuti adziwane inu mukadalipo. Mukatchera uthengawo, pemphani mnzanu wa kunja kwa kampani akulembereni, muone ngati yankho lafika ndiponso ngati nambala zili zolondola. Si zachilendo kupeza uthenga wa tchuthi cha chaka chatha ukutuluka, ukuloza anthu kwa munthu amene anasiya ntchito kalekale.

Foni ya m'thumba

Zonsezi zikukhudza imelo, koma tikudziwa kumene ntchito zambiri zimayendera masiku ano. Makasitomala amatumiza zithunzi za masilipi a kubanki pa WhatsApp, ku nambala ya mayiyu mwini, ndipo WhatsApp wamba alibe uthenga woyankha wokha. Uli ndi WhatsApp Business yokha, pa Away message. Ngati foni ndi ya kampani, nkhani ndi yosavuta: foniyo itsale pa ofesi, ilembedwe pa pepala la makiyi lija. Ngati ndi yake, akonzeretu mawu afupi owatumiza kwa aliyense wolemba za ntchito: "Pepani, ndili pa tchuthi mpaka pa 18 Ogasiti, tumizani ku nambala ya ofesi iyi." Asayankhe funso lenilenilo ngakhale akudziwa yankho, ndipo asakhale mtumiki wopititsa masilipi ku ofesi. Akangochita kamodzi, kasitomalayo wapeza njira, ndipo tsiku limene mayiyu adzaiwale kutumiza silipi, mlandu udzakhala wake. M'magulu a WhatsApp a kuntchito alowetsemo mnyamata uja, iye n'kuwatontholetsa kapena kutulukamo atatsanzika bwinobwino.

Kunena kuti "musandiimbire konse" kumamveka bwino koma sikugwira, chifukwa tsiku lina padzapezeka chinthu chimene palibe wina akuchidziwa, ndipo adzaimba basi, aliyense pa nthawi yake. Ndi bwino kugwirizana ndi abwana, n'kulemba kumapeto kwa handova, kuti woimba ndi munthu mmodzi yekha, kuti milungu iwiri kapena itatu yoyamba mwana atabadwa asaimbe, ndipo pambuyo pake mafunso azisonkhanitsidwa n'kutumizidwa pamodzi ngati uthenga wolemba, mayiyu n'kuyankha pamene wapeza mpata. Mafunso ambiri akadikira tsiku limodzi kapena awiri mnyamatayo amapeza yekha yankho m'mafayilo.

Tsamba lomaliza la handova lisiyidwe lopanda kanthu, likhale la wogwirizirayo. Mmenemo azilemba tsiku ndi tsiku zimene walamula, zimene walipira kunja kwa zachizolowezi, ndi nkhani zatsopano zimene zatseguka: matumba 20 aja anabwera pa 9 Juni ndipo analipira, inshuwalansi ya lole inakwera mtengo ndipo abwana anavomera, kasitomala uje walonjeza kulipira kumapeto kwa Ogasiti. Pa 18 Ogasiti awiriwa adzakhalanso pansi, kuwerenga ndalama za m'kabokosi, kubwezerana makiyi ndi kusainirana monga anachitira poyamba. Mayiyu adzayambe ndi tsamba limenelo, osati ndi makalata mazanamazana odikira mu imelo, chifukwa ambiri mwa makalatawo eni ake anawatumizanso ku ofesi ndipo anayankhidwa kale. Abwana nawo adzaone ngati khomo la kubanki la mnyamata uja litsekedwe kapena likhalebe lotsegula, popeza VAT ya pa 25 Ogasiti idzafuna anthu awiri onsewa.